Ndalama za AdSense zafika zoperewera, wadula ndani?

Amake Tiya, Chipata: Abale thandizeni. Ndili ndi tsamba la mitengo ya mbewu, soya ndi nshawa makamaka. Pa 21 mwezi watha AdSense, ija ya Google imene imaika malonda pa tsamba langa n'kumandilipira, inalemba kuti yatumiza madola 112. Patatha masiku asanu meseji ya banki yalowa, nditawerengera pa mtengo wa dola wa tsikulo zangokwana ngati madola 84. Miyezi 7 ndikudikira kuti zikwane 100, poti satumiza zisanafike pamenepo! Ku banki mtsikana wa pakauntala anangoti "zabwera choncho amayi". Kodi ndi msonkho?

Jay wa ku Katete: Ndi msonkho wa ku America umenewo, amadula 30 peresenti. Simunadzaze fomu ya msonkho ya W-8BEN inu.

Amake Tiya: Ndinadzaza achimwene, TPIN ndinaikapo.

Bambo Zulu: Jay, za 30 peresenti ndi zoona koma osati pano. Umenewo umakhudza a YouTube, pa ndalama zochokera kwa oonera a ku America, poti Zambia ilibe pangano la msonkho ndi dzikolo. Komanso msonkho ukadulidwa umaoneka pa tsamba la Transactions. Ngati risiti yalemba 112, ndiye kuti 112 inanyamukadi. Zina zonse zathera m'njira.

Madola safika ku Chipata mwachindunji. Amadzera ku banki ina yapakati kunja, iyo imatapako. Banki yanu nayo ili ndi mtengo wolandirira ndalama zakunja. Ndiye ngati akaunti ndi ya makwacha, amakusinthirani pa mtengo wawo wogulira dola, womwe ndi wotsika kuposa umene mumauona pafoni. Bwererani, musaime pakauntala, funsani amene amaona za ndalama zakunja akupatseni pepala losonyeza mmene ndalamazo zinabwerera, ambiri amati MT103. Likuonetsani kuti ku banki kwawo kunafika zingati.

Amake Tiya: Ndiye mwezi uliwonse azindidya chonchi?

Bambo Zulu: Zodula zambiri sizitengera kuchuluka kwa ndalama. Tinene kuti ndi madola 25. Pa 112 mwataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, pa 500 ndi 5 peresenti chabe. Lowani pa Payments, mukweze malire a madola 100 aja pa Payment schedule. Ine ndinaika 400, ndimalandira mwa apo ndi apo koma mtima suwawa.

Chikondi: Pepani kulowerera, ine PIN ya m'kalata ija, imene AdSense imatumiza potsimikizira adiresi, sinafikebe, mwezi wachiwiri uno. Adiresi ndinalemba ya kumudzi ku Chadiza.

Jay wa ku Katete: Kumudzi wakupatsa ndani kalata? Ika bokosi la tchalitchi kapena la sukulu, upemphe ina. Usachedwe, pakatha miyezi 4 malonda amasiya kuoneka.

Mwale: Bwanji osangolandirira pafoni? Mabuufu ali mbwee ku Kapata.

Bambo Zulu: Pafoni satumiza, amafuna akaunti ya banki ndi SWIFT code ya bankiyo.

Amake Tiya: Madola 400 kwa ine ndi zaka ziwiri bambo, feteleza sadikira. Nanga ndikatsegula akaunti ya madola, ya mwezi ndi mwezi amadula zingati? Alipo ali nayo kuno?