Andikweza pantchito, koma ndikudziona ngati ndinalowera pawindo

Membala wobisa dzina: Moni nonse a pagulu pano. Adimini mundibisire dzina chonde, chifukwa ena a kuntchito kwathu alimo muno. Ndine mayi wa zaka 36, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala ku Mufakose, kuno ku Harare. Ndagwira zaka 8 ngati kalaliki wotulutsa katundu pa kampani ina yogulitsa zinthu mopikulitsa ku Workington. Miyezi iwiri yapitayo anandikweza kukhala supavaiza wa nyumba yonse yosungiramo katundu, ndipo pansi panga pali anthu 11. Kunyumba anandiphera nkhuku. Koma ine chilandirireni kalatayo tulo sindikutiona.

Pepala langa ndi MSCE basi. Mnyamata amene tinkapikisana naye ali ndi digiri, ndipo pano ndikumuyang'anira ndine. Chishona changa mpaka lero anthu amamwetulira ndikamayankhula, ndiye pamsonkhano wa Lolemba mamanijala akayamba kuthamangitsa Chingerezi ine ndimangogwedeza mutu ngati gulo. Mumtima ndimangoti tsiku lina adzatulukira kuti anasankha molakwika.

Chandiopsa kwambiri ndi cha kumapeto kwa mwezi. Titawerenga sitoko, makatoni 22 a mafuta ophikira sanaoneke, aja a mabotolo 12 a malita awiri. Sindinauze munthu. Masiku atatu ndinkatsala ndekha mpaka 8 koloko usiku, kuwerenganso ndi tochi ya pafoni, kenako kukalimbirana kombi m'tauni. Anapezeka, koma ndatsala pang'ono kukapempha kuti andibwezere pampando wanga wakale. Alipo amene zinamuchitikirapo? Munatani?

Gogo wa ku Mabvuku: Mwanangu, tulo sitingangothawa popanda chifukwa. Wa digiriyo muchenjere naye, musamasiye kapu yanu poyera. Pitani kwa abusa akakupemphererni.

Membala wobisa dzina: Zikomo agogo, kupemphera ndikupemphera. Koma mnyamatayo sanandilakwire, ndi waulemu ndithu. Vutoli lili m'mutu mwangamu.

Sitolokipa Wopuma: Achemwali, ndagwira m'nyumba zosungiramo katundu za ku Southerton ndi Graniteside zaka zoposa 20. Ndisanalankhule zambiri, tandiuzani, makatoniwo anapezeka bwanji?

Membala wobisa dzina: Loweruka madzulo magetsi anathima ndipo jenereta inakana kulira. Lole yopita ku Mutare inali itapakira kale, ndiye mnyamata wa padesiki analemba kapepala ka pamanja n'kukaika m'dirowa, osalowetsa mukompyuta. Ife tinawerenga sitoko Lamlungu. Ndinazitulukira nditatenga buku la alonda a pageti n'kuyerekeza malole otuluka ndi mainvoisi, imodziimodzi. Lole imodzi inalibe invoisi yokwanira.

Sitolokipa Wopuma: Ndiye taonani. Munthu wolowera pawindo saganiza zokatenga buku la alonda. Ameneyo amangosaina kuti katundu wabedwa, wina n'kuchotsedwa ntchito wosalakwa. Nzeru ya buku la pageti munaipeza m'zaka 8 zija, ndipo ndi imene anakukwezerani.

Koma sindikunyengererani, kulakwitsa munalakwitsa. Osati pa makatoni ayi, koma potsala nokha masiku atatu. Mukanaitana anyamata a padesiki Lolemba m'mawa n'kufunsa kuti, "Loweruka magetsi atathima, chinatuluka n'chiyani?", nkhaniyo ikanatha tiyi asanazizire. Simunafunse chifukwa munkaopa kuti aona kuti simukudziwa. Umu ndi mmene maganizo amenewa amadyera munthu. Ukuopa kugwidwa, ndiye ukubisa n'kumagwira ntchito ya anthu atatu. Zikayenda, suvomereza kuti unatha, umati ndapulumuka chifukwa ndinachezera. Mwezi wotsatira uchezeranso, ndipo mantha aja sachepa.

Chimene chinandithandiza ine ndi kabuku ka m'thumba. Mantha akakugwirani, lembani chimene chawautsa, tsiku lake ndi malo ake. Lachisanu muwerenge zonse, ndipo pa chilichonse mudzifunse kuti, kodi ichi sindichidziwadi, kapena ndikuchidziwa koma ndinangochita mantha? Pa nkhani yanuyi, kulondola katundu wosowa mukukudziwa, umboni ndi makatoniwo. Chosadziwadi ndikuona ziwiri. Simunakhazikitse lamulo la zochita magetsi akathima, ndiponso simunaphunzire kupereka lipoti pamsonkhano. Choyambacho n'cha tsiku limodzi: buku limodzi la makaboni la manambala otsatizana, ndipo sitoko isawerengedwe mpaka tsamba lililonse litalowa mukompyuta. Mukaika mantha onse m'thumba limodzi amalemera ngati phiri. Mukawakhuthula mupeza kuti enieni ndi awiri kapena atatu, ndipo ali ndi mayina.

Mfana wa pa Mbare: Asisi musavutike, ingolimbani mtima muzidzionetsa ngati mukudziwa zonse. Bwana safunsa. Komanso lamulo la ntchito kuno limati miyezi itatu ikangotha sangakuchotseni pampandopo, ndiye mwatsala ndi mwezi umodzi basi.

Wa ku Ofesi ya Antchito: Achimwene a ku Mbare, miyezi itatu mwaitchulayo ilikodi m'lamulo la ntchito la Zimbabwe, koma ndi malire a nthawi yoyesedwa pantchito, ndipo siibwerezedwa. Sikutanthauza kuti ikatha munthu sakhudzidwanso. Mayi, inu werenganinso kalata yanu muone ngati akuti mwakhazikika kapena mukungogwirizira, komanso ngati atchula nthawi yoyesedwa.

Za kudzionetsa ngati mukudziwa zonsezo ndiye ayi. Pamsonkhano ukanama nambala umagwidwa sabata yomweyo. Pali yankho limene mamanijala amalilemekeza: "Nambala imeneyo ndilibe pano, ndikutumizirani mawa isanakwane 10 koloko." Kenako muitumizedi 9 koloko. Ndaona anthu a madigiri awiri akupulumukira chiganizo chimenechi.

China, pemphani mphindi 15 kwa bwana wanu, mumufunse kuti pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi akufuna aone zinthu zitatu ziti kuti anene kuti ntchito ikuyenda. Muzilembe pamaso pake. Panopa mukudziyeza ndi Chingerezi cha pamsonkhano, pomwe mwina iye akuyang'ana ngati malole akunyamuka nthawi yake ndi ngati sitoko ikugwirizana. Mufunsenso chimene anakusankhirani. Anthu ambiri safunsa, amangodzipekera yankho loipa.

Namwino wa ku Dzivarasekwa: Nkhani yanuyi yandikumbutsa yanga. Anandipatsa wodi zaka 6 zapitazo, ndipo usiku woyamba ndinakadzitsekera m'chipinda cha mankhwala n'kulira. Ndinadzawerenga kuti akatswiri awiri a za maganizo a ku America, Pauline Clance ndi Suzanne Imes, analemba za zimenezi mu 1978, atacheza ndi amayi oposa 150 ophunzira bwino ndi audindo amene ankati anangochita mwayi. Si matenda olembedwa m'mabuku a chipatala, ndipo abambo nawonso zimawagwira. Kunena zoona ine sizinatheretu. Dokotala watsopano akabwera zimadzukanso, kungoti pano ndimazizindikira, ndimati wabweranso mlendo uja.

Koma tulo tanuto ndiye tandidetsa nkhawa. Mukaona kuti padutsa masabata awiri kapena kuposa simukugona, chakudya sichikulowa, zimene munkakondwera nazo sizikukomanso, imeneyo si nkhani ya kabuku ayi. Anzathu Achishona amati kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira muyeso. Pitani kukiliniki ya khonsolo mukafunse za Friendship Bench, ija anayambitsa Dr Dixon Chibanda konkuno ku Mbare. Mumakhala pabenchi ndi agogo ophunzitsidwa, mumakambirana vuto limodzilimodzi.

Dilaivala wa Malole: Ine ndinene mosapsatira, mundikhululukire. Nthawi zina maganizo amenewa amanena zoona. Tinali ndi supavaiza wina amene sankaithadi ntchito, anthu n'kumamulimbikitsa kuti ndi mantha chabe, mpaka kampani inaluza makasitomala. Tisamangouza aliyense kuti uli bwino.

Sitolokipa Wopuma: Adilaivala simukunama, n'chifukwa chake ndati alembe m'kabuku m'malo mongodzitonthoza. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta. Funsani kuti, kupatula mumtima mwanu, ndani wina wadandaula? Malole akuchedwa kuposa kale? Kasitomala wabweza katundu? Bwana wakuitanani pa cholakwa chimodzimodzi kawiri? Ngati zilipo, pali kusadziwa kwenikweni, ndipo mankhwala ake ndi kuphunzitsidwa. Ngati palibe, ndiye woweruza ndi inu nokha. Supavaiza wanu uja ndikukayika ngati ankasowa tulo.

Membala wobisa dzina: Palibe wadandaula. Malole a m'mawa akumanyamuka isanakwane 7 koloko, kale ankafika mpaka 8. Koma ndimangoti ndi chifukwa choti anyamata akundimvera chisoni.

Namwino wa ku Dzivarasekwa: Mwaiona? Cholakwika n'chanu, chabwino n'cha anyamata. Chiganizo chimenecho chikhale choyamba m'kabukumo.

Mfana wa pa Mbare: Chabwino, za lamulozo ndagonja. Koma asisi, zoti mukudzikayikira musakauze bwana. Ku Harare kuno ntchito ndi yosowa, mawa adzagwiritsa ntchito mawu anu omwewo.

Wa ku Ofesi ya Antchito: Apa ndiye ndigwirizana nanu pang'ono. Kwa bwana musapite ndi mawu oti "sindikuyenera mpandowu". Pitani ndi pempho logwirika, monga kuti wa ku akaunti akhale nanu ola limodzi akuonetseni mmene amafunira lipoti la sitoko pa Excel. Zamumtimazo kauzeni munthu wa kunja kwa kampani.

Namwino wa ku Dzivarasekwa: Ine ndinauza metironi wanga zonse, ndipo anaseka n'kunena kuti naye anadutsamo. Zimatengera bwana wake. Mayiwa ndi amene akumudziwa wawo.

Gogo wa ku Mabvuku: Ine za kapu zija sindinasinthe maganizo.

Membala wobisa dzina: Ndabweranso, papita sabata. Kalata ndawerenga, akuti ndakhazikika, za kuyesedwa mulibe. Buku la makaboni ndagula ndipo lagwira kale ntchito Lachitatu magetsi atathima. Bwana ndinamufunsa zinthu zitatu zija, anatchula ziwiri zokha: sitoko izigwirizana, ndipo ovataimu itsike. Ndinachita manyazi, chifukwa wotsala usiku kwambiri ndine. Zoti anandisankhiranji ndinalephera kufunsa, pakamwa panauma. Lolemba anandifunsa za katundu wobwezedwa, ndinayankha kuti nditumiza mawa isanakwane 10, ndipo palibe anadzutsa nkomwe mutu. Tulo tikubwera pang'ono, koma 3 koloko m'bandakucha ndikumadzidzimukabe.

Tsopano pali china. Mnyamata wa digiri uja amaidziwa bwino Excel, ndipo dzulo anandiuza yekha kuti angandionetse mmene angafupikitsire lipoti langa. Ndinangoti tiona. Ndivomere, kapena pamenepo ndiye ndadzivula ndekha pamaso pa anyamata? Asitolokipa, inu munkatani ndi wa pansi panu wodziwa kukuposani?