Chigayo kapena lole: ndapeza yankho

Ndinafunsa kuti: "Pulojekiti imodzi ikubweza ndalama msanga, ina ili ndi NPV yaikulu. Ndisankhe iti?" NPV ndi ndalama zonse zimene pulojekiti idzabweretse, kuziwerengera pa mtengo wake wa lero, nkuchotsapo mpamba.

Aphunzitsi athu kuno ku Luchenza anditambasulira. Zonse ziwiri zikufuna K10 miliyoni. Lole yonyamula nthochi ikubweretsa 5 miliyoni chaka choyamba, 5 chachiwiri ndi 2 chachitatu, ndiye ikubweza mpamba m'zaka ziwiri. Chigayo chikubweretsa 4 miliyoni pachaka kwa zaka zisanu, mpamba ukubwerera pakatha zaka ziwiri ndi theka.

Koma ndalama ya mawa siyofanana ndi ya lero. Pa chiwongoladzanja cha 20%, za lole zikutsika kufika 8.80 miliyoni, NPV nkukhala -1.20. Za chigayo tikuzichulukitsa ndi 2.991, nambala yotsitsira ndalama zofanana za zaka zisanu pa 20%: 4 × 2.991 = 11.96, NPV +1.96.

Ndasankha chigayo. Kuwerenga nthawi yobwezera mpamba kumanyalanyaza zonse zobwera mpambawo ukabwerera, pamene phindu la chigayo lagona pomwepo.