Insitulumenti yanga ikuoneka yofooka, ndipitirize nayo?

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndikufufuza mmene zaka za sukulu zimakwezera malipiro. Vuto ndi loti luso lobadwa nalo sindingaliyeze, ndiye labisala mu `u`, momwe modelo imasunga zonse zosayezedwa, chonsecho limakhudza sukulu ndi malipiro omwe. Motero OLS ikupatsa sukulu ulemu womwe mwina si wake.

Ndatenga mtunda wochoka kunyumba kufika kusekondale yapafupi ngati insitulumenti, potengera zomwe David Card anachita ndi makoleji ku America. Mu pulogalamu ya Stata ndalemba motere:

```
ivregress 2sls lnwage age female (educ = dist), vce(robust)
estat firststage
```

F ya gawo loyamba yatuluka 6, pomwe ambiri amati ipitirire 10. Zotsatira za `educ` zakula kuposa za OLS, ine ndimayembekeza kuti zitsika. Kodi ndi kufooka kwa insitulumenti, kapena ndikungoyeza phindu la ana amene mtunda ndiwo unkawaletsa sukulu?

Chikundisowetsa tulo kwambiri ndi china. Kumene kuli sekondale nthawi zambiri kulinso msika ndi msewu wabwino, ndiye mtunda ungakhudze malipiro osadzera kusukulu. Ndi insitulumenti imodzi yokha, `estat overid` siyigwira. Kodi kuwonjezera mtunda wa kumsika mu modelo kungakwanire?