Zoonjezera pa funso la masitepe a konkire

"Pa masitepe aja, kutalika konse ndi masentimita 280. Ndigawe bwanji, nanga zitsulo zikhale pati?"

Musanagawe, yezaninso kuchokera pansi pomalizidwa kufika pamwamba pomalizidwa, matailosi owerengeredwa kale. Mukaiwala zimenezi, sitepe yoyamba kapena yomaliza imasiyana ndi zinzake, ndipo ndi pamene anthu amapunthwa.

Ngati 280 ndi yolondola, gawani masitepe 16, iliyonse yokwera masentimita 17.5. Popondera pakhale 28. Chokwera kawiri kuphatikiza popondera zikukwana 63, mulingo wa phazi la munthu poyenda.

Masitepewo sanyamula kanthu. Chonyamula ndi silabu yopendekeka ya pansi pake, yokhazikika pa maziko kumunsi ndi pa bimu kumtunda. Zitsulo zazikulu zitsate kutalika kwake, chakunsi, zokutidwa ndi konkire masentimita osachepera 2. Makulidwe ndi mipata yake awerengere injiniya.

Samalani kwambiri pomwe silabu ikumana ndi popumira pamwamba. Chitsulo chapansi mukangochipinda kutsata ngodya yolowa mkatiyo, chikakokedwa chimafuna kuwongoka, nkuthyola konkire wakunsi. Muike zitsulo ziwiri zopingasana, chilichonse chilowe kwambiri mbali inayo. Mng'alu wodutsa kunsi kwa ngodyayo umasonyeza kuti sizinachitike.