Nkhokwe ya mtedza pa Kamwendo: pepala lija silikutiuza chochita

Mlembi (Lilongwe): Abale, ndawerenga pepala la SWOT lomwe komiti yatumiza, londandalika mphamvu, zofooka, mwayi ndi ziopsezo za nkhokwe yathu. Pa zofooka mwalemba "umphawi", pa ziopsezo "nyengo". N'zoona ndithu, koma Lolemba likudzali ndani adzuke kukachita chiyani ndi mawu amenewa? Pempho langa n'lakuti mfundo iliyonse ikhale ndi ntchito yake, mwini wake ndi tsiku lake. Yosowa zitatuzi tiyifufute.

Wapampando: Tamva alembi. Tatiyambireni imodzi, tione mmene mukunenera.

Mlembi: Chabwino bambo. M'malo mwa "umphawi" tilembe kuti: ambiri mwa ife timawaza madzi mtedza kuti makoko afewe poswa. Mtedza wotere ukalowa m'thumba umachita chuku, ndipo wogula akangopisa dzanja n'kupeza njere zakuda, zonunkha nkhungu, amakayikira mulu wonse. Ntchito yake: nkhokwe izilandira mtedza wa makoko wokha, wouma moti ukaugwedeza uzilira. Pakhomo pakhale anthu awiri oyesa thumba lililonse, komiti iwasankhe Epulo asanathe. Matumba asakhudze pansi kapena khoma, ndiye matabwa oyalapo alowe mu bajeti.

Mayi a pa Kamwendo: Zimenezo zinandionekera chaka chatha. Matumba anga atatu anabwezedwa, ndinalira. Koma ndifunse, galimoto yodzatenga katundu ibwera liti?

Wapampando: Za galimoto tidikire kaye amayi. Koma poti mwazionera nokha, simungakhale mmodzi wa oyesa aja?

Mayi a pa Kamwendo: Ndavomera, bola mnzangayo akhale wosaopa kubweza thumba la mfumu.

Achimwene a ku Joni: Ine ndikuti chofooka chathu chachikulu ndi mavenda. Lembani chimenecho pamwamba.

Msungichuma: Mavenda alowedi achimwene, koma pa ziopsezo, chifukwa ndi akunja ndipo sitingawaletse kukolowekera sikelo pamsewu. Chofooka chathu n'chakuti iwo amalipira pompopompo pamene munthu wapanikizika ndi fizi, ife m'thumba mulibe. Tikalonjeza kusunga matumba 200 mpaka mitengo ikwere, tipeze yomupatsa mlimi tsiku lomwe wabweretsa, ngakhale theka. Apo ayi nkhokwe ikhala yopanda kanthu.

Achimwene a ku Joni: Ndiye mphamvu yathu ija yoti "tili ndi ana kunja" igwire pamenepa. Ine ndisonkhanitsa za anzanga kuno, ndituma pofika pa 31 Malichi.

Mlembi: Eya, imeneyo ndalemba pa dzina lanu. Koma "tili pafupi ndi Chipata" pa mwayi palibe waitenga. Ndani akafunse za chilolezo chotulutsira mbewu ndi zofunika pa chipata cha Mwami cholowera ku Zambia?

Wapampando: Musaifufute msanga. Ndipatseni sabata imodzi ndifufuze.

Msungichuma: Nanga za ku Joni zikapanda kukwana theka lija, tikongole ku banki mkhonde? Chiwongoladzanja chake chikundiopsa ine.