Lipoti la denga la holo yathu lafika, tikambirane

Mlembi: Moni nonse akwathu, a ku Mulanje konkuno ndi amene muli kutali. Injiniya uja tinamutuma kukaona denga la holo watumiza lipoti dzulo madzulo, masamba 11 ndi zithunzi. Sindilemba zonse koma mutu wake ndi uwu. Mathirasi achitsulo, aja onyamula malata, alipo 9, wawapatsa manambala T1 mpaka T9 kuyambira kukhomo lalikulu kukafika kusiteji. Wawaika m'magulu anayi malinga ndi mmene dzimbiri ladyera. T4, T5 ndi T6 ali gulu 1, dzimbiri lapamwamba chabe. T1, T2, T3 gulu 2, chitsulo chayamba timaenje koma chomwe chadyeka sichikufika 10 pa 100. T9 gulu 3. T7 ndi T8 gulu 4, ndipo pamenepo walemba ndi zilembo zazikulu kuti pansi pake pasakhale anthu kufikira titachirikiza

Make Mphatso: Iii a Mlembi ndiye mukuti chani, ukwati wa mwana wa achemwali anga uli pa 28 ndipo tinalipira kale holoyo

Wapampando: Dikirani kaye mayi, timve zonse. A Mlembi ine chomwe chandidabwitsa ndi T3. Tonse timaiona ija ili pafupi ndi windo losweka, yofiira yokhayokha mpaka zimakoko zimagwera pa mabenchi, ndiye iyo akuti gulu 2 pomwe T7 yomwe ukaiyang'ana ili ndi penti yake bwinobwino akuti ndiye yoopsa? Munthuyu anakweradi kapena analembera pansi?

Bambo a Tadala (Joni): Kkkk ma injiniya amenewo. Ine ndimawotcherera kuno chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano, dzimbiri si nkhani yoti mpaka titseke holo. Waya burashi, redi okusaidi zigubu zinayi, anyamata awiri, sabata imodzi zatheka. Ndalama ya lipotiyo bola tikanagulira penti

Foromani: Pepani ndinali pa saiti, ndaliwerenga panthawi ya nkhomaliro. A Wapampando munthuyu anakwera, ndipo zithunzi za tsamba 6 ndi 7 zikuonetsa kuti anagumula ndi njerwa zomwe. Nkhani ya T3 ili chonchi. Chitsulo chikamachita dzimbiri chimafufuma, kachitsulo kochepa kokha kakadyeka kamatulutsa makoko okhuthala kuposa iko kangapo konse, nchifukwa chake maso amanama. Iye anapala makokowo mpaka pa chitsulo chowala kenako nkuyeza ndi kalipa, kachipangizo koyezera kukhuthala kwa chitsulo. Mathirasi athuwa anapangidwa ndi engo ayironi ya 50 kwa 50, yokhuthala mamilimita 5. Pa T3 atapala anapeza 4.6, ndiye kuti yataya 8 pa 100 basi, yonyansa koma yamoyo. Pa T7 pakati ponse pali bwinodi monga mukunena, vuto lili kumapeto komwe thirasi inalowa mu khoma nkukwiriridwa ndi matope a simenti. Kumeneko anapeza 2.8, ndipo pa T8 kapuleti kolumikiza chitsulo chapansi ndi chapamwamba kabooka, anapisa sikuludiraiva nkutulukira mbali inayo

Aphunzitsi: 5 kufika 2.8 ndi 44 pa 100. Yagwa ndendende ngati kwacha mu Novembala 2023 kkkk

Foromani: Kkkk ndipo ngati kwacha yomweyo siibwerera yokha aphunzitsi. A Bambo a Tadala zomwe mwanenazo nzoona pa T1 mpaka T6, lipoti nalonso likutero, kupala ndi kupenta. Koma penti siibwezera chitsulo chomwe chapita. Ndipo malo adyekawo ndi oipa kwambiri chifukwa kulemera konse kwa thirasi kumathera pomwepo, pamene yakhalira pa khoma. Chitsulo chapansi chija ntchito yake nkukoka, chimagwira miyendo iwiri ya denga kuti isatanyuke. Chikaduka pamfundo imeneyo denga limakhala pansi pakati uku likukankha makoma kunja

Bambo a Tadala (Joni): Ok pamenepo ndamva, sindinaone zithunzi bandulo inatha. Komabe si zoti mpaka kugula thirasi yatsopano, timangophatikapo chidutswa cha engo ayironi nkuwotcherera, ola limodzi

Foromani: Kuphatika ndi komwe walemba pa T9, chifukwa pamenepo patsala 4.1, pali pogwira. Koma akuti chidutswacho chipitirire masentimita 30 mbali zonse kuchokera pomwe kudyeka kwathera, kuti chigwire pa chitsulo chabwino. Pa T7 ndi T8 inuyo mukudziwa bwino kuposa ine zomwe zimachitika ukaika ndodo yowotcherera pa chitsulo chopyapyala chadzimbiri, chimangobooka. Komanso chitsulo chikatentha chimafewa, ndiye ukawotcherera thirasi ili chinyamulire denga ukhoza kuigwetsa uli pamwamba pomwepo. Nchifukwa chake walemba ndondomeko, choyamba kuchirikiza ndi mizati yachitsulo ija yopukusa, pansi pake matabwa okhuthala kuti simenti isaphwanyike, ndipo mzati uzikhala pamfundo pomwe zitsulo zakumana osati pakati pa chitsulo chapansi, apo ayi chipindika. Kenako kugumula njerwa, kudula mbali yowolayo pafupifupi mita imodzi, kuika zatsopano pamodzi ndi kapuleti ndi mabawuti omangira ku ring'i bimu

Malume a ku Leeds: Ine ndinanena kalekale kuti malata amenewo ndi akale tisinthe. Ndikhoza kuthandizapo malata 20 a geji 28, amitundu aja, holo ioneke bwino

Mlembi: Zikomo malume koma lipoti silikunena za malata, akuti ambiri akadali bwino kupatula asanu a kumbuyo. Nkhani ndi zitsulo zonyamula malatawo

Malume a ku Leeds: Oho ndimayesa dzimbiri la pamalata. Nanga madziwo akulowera pati ngati malata ali bwino

Foromani: Funso labwino limenelo malume. Mukukumbuka khitchini ndi sitolo zomwe tinaphatika kumbuyo chakum'mawa? Denga lake linakumana ndi la holo ndiye pakati anaikapo gatala. Gatalayo ndi yopapatiza, paipi yotsitsa madzi ndi imodzi yokha, ndipo masamba a mtengo wa mapeyala uja amadzazamo. Mvula ikagwa madzi amasefukira pamwamba pa khoma, ndendende pomwe T7, T8 ndi T9 zinalowa. Njerwa zimamwa madziwo nkuwasunga. Kwathu kuno mukudziwanso, mvula ikatha kumabwera chiperoni mu Juni ndi Julaye, khoma silipeza mpata wouma. Chitsulo chapakati pa holo chimanyowa ndi mame nkuuma masana, koma cha mukhoma chimakhala chinyowere chaka chonse. Pali chinanso, chitsulo chapansi ndi ma engo awiri ogundana misana, ndiye kampata ka pakati pawo burashi ya penti siinafikemo kuyambira tsiku lomwe anamanga, dzimbiri lakula mmenemo mpaka lawakankha atalikirana

Aphunzitsi: Ine ndimaganiza kuti ndi mileme. Kusukulu kwathu titatsegula siling'i tinatulutsa zitosi mawilibala asanu ndi limodzi, zitsulo zonse pansi pake zinali zitadyeka

Foromani: Zitosi zimadyadi chitsulo chifukwa zimasunga chinyezi komanso zili ndi mchere wake, ndipo wazitchula pa T1 ndi T2 pamwamba pa kaofesi pomwe pali siling'i. Koma kusiteji kulibe siling'i, kumeneko ndi gatala basi

Msungichuma: Tsopano tiyeni ku ndalama poti ndi komwe kumathera nkhani zonse. M'thumba muli K3.2 miliyoni ndipo tinagwirizana kuti ndi ya zimbudzi. Lipoti lagawa ntchito patatu, zachangu mkati mwa masiku 7 kuchirikiza ndi kutseka mbali ya siteji, za mvula isanayambe kukonza T7, T8, T9 ndi gatala, kenako kupenta zonse mkati mwa chaka. Mtengo sanaike, akuti tifunse makontirakitala atatu. Ine maganizo anga tichirikize basi, mizatiyo ikhale pomwepo mpaka chaka chamawa titatolera zina

Foromani: Mayi mizati yobwereka timalipira pa tsiku, miyezi isanu ndi umodzi idzaposa mtengo wokonzera. Komanso mzati umaletsa denga kugwa pansi koma suliletsa kuuluka. Mphepo yamkuntho ikalowa imanyamula denga kupita mmwamba, chomwe chimaligwira ndi mabawuti a kumapeto aja, omwewo adyekawo. Munaona madenga angati atapita nthawi ya Freddy mu Malichi 2023, ndipo holo yomweyi ndi momwe anthu anathawira. Ikadzabwera ina adzathamangiranso momwemo osafunsa kuti T8 ili gulu lanji

Bambo a Tadala (Joni): Nanga osangochotsa ziwirizo nkuika za matabwa bwanji, paini ndi wotchipa

Wapampando: Holo ija mulifupi ndi mamita 12 achimwene, ndipo chiswe cha pamalo paja mukuchidziwa, chinadya mafelemu a zitseko chaka chimodzi

Foromani: Zamatabwa zimatheka koma zifunika injiniya azijambule, ndipo ngati gatala sitikonza nazonso ziola pamalo omwewo. Ine chomwe chikundisowetsa tulo ndi tsamba 10 lomwe palibe walitchula. Mathirasi 9 ali ndi mapeto 18 ndipo onse anakwiriridwa mu khoma. Iye anagumula anayi okha, atatu a kugatala ndi limodzi la T5 kumadzulo lomwe linapezeka bwino. Enawo 14 sanawaone, ndipo walemba yekha kuti magulu omwe wapereka ndi a zomwe maso ndi kalipa zinafika. T6 ili moyandikana ndi T7, akuti gulu 1, koma kumapeto kwake palibe akudziwa

Wapampando: Ndiye tinalipira lipoti la theka?

Mlembi: Ayi a Wapampando, tinamuuza tokha kuti asagumule kwambiri poopa ndalama yobwezeretsa, zili mu maminitsi a mwezi watha

Bambo a Tadala (Joni): Za penti nditsutsabe pang'ono. Ndaona pano walemba pulaima ya zinki fosifeti kenako malaya awiri apamwamba. Redi okusaidi tagwiritsa ntchito zaka zonsezi

Foromani: Imagwira ngati mwapala bwino nkuikanso penti ina pamwamba, vuto kwathu timapaka redi okusaidi yekha pa dzimbiri nkumati tamaliza, pomwe iye ndi wapansi chabe. Imeneyo tikhoza kumufunsa ngati angalole. Chomwe sindingagonje ndi choti mapetowo akakonzedwa asakwiriridwenso, pasiyidwe kampata kuzungulira chitsulo kuti mphepo izidutsa komanso tizitha kusuzumira ndi tochi

Make Mphatso: Abale ine funso langa lija silinayankhidwe, pa 28 tivinira kuti

Mlembi: Lipoti likuti mizati ikaikidwa, mbali ya T1 mpaka T5 ikhoza kugwira ntchito, koma siteji itsekedwe ndi chingwe

Make Mphatso: Akwati akhale kukhomo? Ndiye perekani-perekani anthu azidutsira pati

Msungichuma: Ine za zimbudzi sindisaina kuti zichoke popanda msonkhano, amfumu tinawalonjeza pamaso pa anthu

Wapampando: Chabwino. A Foromani tipezereni mtengo wobwerekera mizati inayi pofika Lachitatu, komanso mmisiri woti akagumule kumapeto kwa T6 injiniyayo akayezenso. Loweruka aliyense ali kumudzi abwere ndi makwerero tikachotse masamba mu gatala, imeneyo siifuna saini ya munthu. Za K3.2 miliyoni tivota Lamulungu 8 koloko usiku

Malume a ku Leeds: 8 koloko ya kwanu kapena ya kuno? Ndipo malata 20 aja ndisinthe ikhale ndalama kapena