Udzudzu wangoima pawokha pa mtengo wa COI, ndiutchule chiyani?

Tiyamike: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi udzudzu waukazi umene pa mayikulosikopu ukufanana ndi gulu la *Anopheles funestus*, koma PCR ya gululi sinatulutse mzere ngakhale umodzi. Ndinachulukitsa COI, jini ya mu mitokondiriya yozindikiritsira mitundu, ndi mapulayima a LCO1490 ndi HCO2198, sikwensi yabwera ya zilembo 702. BLAST ikundipatsa *An. rivulorum* pa 91%. Mtengo wa ubale wa mitundu wa Neighbor-Joining mu MEGA ukuuika pa nthambi yaitali kwambiri, kutali ndi anzake onse. Kodi ndi mtundu watsopano?

Madalitso: Ukatsika pa 98% ndiye kuti ndi mtundu wina basi. Lembani lipoti, achemwali.

Mayi Nabanda: A Madalitso, tisathamange. Malire a kusiyana kwa 2% kapena 3% amathandiza pongoyerekeza, ndipo amagwira ntchito sikwensi ikakhala yoyera. Ine chandidabwitsa ndi 702. Chigawo cha pakati pa mapulayima awiriwa chimakhala cha zilembo 658, choncho zotsalazo ndi mapulayima enieniwo kapena zinyalala za kumapeto. A Tiyamike, tsegulani fayilo ya `.ab1` muone ndi maso. Zilembo 30 kapena 40 zoyambirira nthawi zambiri nsonga zake zimakhala zokwerana, makina amangolota chilembo. Chilembo chilichonse cholakwika mtengo umachiwerenga ngati kusintha kwenikweni kwa jini, n'chifukwa chake nthambi imatalika. Dulani mbali zonse, muphatikize sikwensi yopita kutsogolo ndi yobwerera, musunge pokhapo pamene zikugwirizana.

Yohane: Zinandichitikirapo ndi *An. arabiensis*. Mtengo unasakaniza *arabiensis* ndi *gambiae* m'nthambi imodzi, ndinataya mtima. COI pa udzudzu ndi yosadalirika, ingoisiyani.

Mayi Nabanda: Lanu ndi vuto lina, a Yohane. M'gulu la *gambiae* mitunduyo inasiyana posachedwa ndipo nthawi zina imakweranabe, ndiye DNA ya mitokondiriya imadutsa kuchoka ku mtundu wina kupita ku wina. Kumeneko COI imalephera chifukwa mitundu ikufanana mopitirira. Wa a Tiyamike watalikirana ndi onse.

Tiyamike: Ndadula, zatsala 611. Koma ndamasulira kukhala maamino asidi monga mumatiuzira, ndipo nyenyezi zosonyeza poimira zatuluka zingapo pakati. Ndiye kuti ndachulukitsa kope lakufa la COI la mu nyukiliyasi?

Mayi Nabanda: Mwasankha tebulo liti? Mukasiya pa `Standard`, TGA imawerengedwa ngati poimira, pamene mu mitokondiriya ya tizilombo TGA ndi tiriputofani. Sankhani `Invertebrate Mitochondrial`, tebulo 5, ndipo muyese kuyamba pa chilembo choyamba, chachiwiri ndi chachitatu. Njira imodzi mwa zitatuzo iyenera kuwerengeka mpaka kumapeto popanda TAA kapena TAG. Zonse zitatu zikakana, kapena mukaona mpata wa chilembo chimodzi kapena ziwiri pondandalika masikwensi, pamenepo ndiye tikayikire kope lakufalo.

Tiyamike: Linali pa `Standard`. Pa tebulo 5, kuyambira chilembo chachiwiri, palibe nyenyezi. Ndamanganso mtengo ndi K2P, butusitirapu 1000. Tsopano wakhala pambali pa nthambi ya *rivulorum*, mfundo yowalumikiza ili ndi 88, kusiyana kwake ndi pafupifupi 5%.

Madalitso: Mwaona? 5% ikadali kunja kwa malire aja.

Mayi Nabanda: Ili kunja ndithu, ndipo pano nambalayo tingaikhulupirire. Koma mtengo umangoyankha funso limodzi: mwa masikwensi amene mwaikamo, wapafupi ndi uti? Ngati mwini dzina simunamuikemo, udzudzuwo udzakakamira kwa aliyense amene wayandikira, ndipo 88 ija singakuchenjezeni. Mwaikamo angati a gulu la *funestus*? Pakhale *leesoni*, *parensis*, *vaneedeni*, *rivulorum* ndi uja amangomulemba kuti *rivulorum*-like, aliyense masikwensi angapo ochokera madera osiyana, kuti muone kusiyana kwa mkati mwa mtundu umodzi. Muzu wa mtengo muuike pa *Culex* kapena *Aedes* mmodzi. Ndipo samalani ndi GenBank, muli masikwensi amene anapatsidwa dzina lolakwika. Mukaona *rivulorum* mmodzi wakhala pakati pa *funestus*, mumuchotse. Masikwensi a m'nkhokwe ya BOLD amene ali ndi chithunzi cha udzudzu wake ndimawadalira kwambiri.

Yohane: Nanga bwanji osayesa Maximum Likelihood? Mwina mtengo usintha.

Mayi Nabanda: Ayese, sizitenga nthawi, koma jini ndi yomweyo, yochokera kwa mayi yekha. Chofunika ndi umboni wa mu nyukiliyasi. DNA yatsalayo muchulukitse ITS2 yonse, chigawo cha DNA ya mu nyukiliyasi, ndi kuitumiza kukawerengedwa. PCR ya gulu la *funestus* imadalira ITS2 yomweyo, ndiye mudzaonanso chimene mapulayima aja anakanira kugwira.

Tiyamike: DNA yatsala mamayikulolita 20, ikwana. Mapiko ndi miyendo ndinasunga mu silika. Pakadali pano m'kaundula ndilembe chiyani?

Mayi Nabanda: Lembani *Anopheles* sp., pafupi ndi *rivulorum*, muwonjezere 5% ndi zilembo 611. Mapikowo muwajambule lero, mamba asanayoyoke.

Madalitso: Ine ndikuonabe kuti ndi watsopano. ITS2 ikabwera mutiuze.